Nyale Khumi ndi Ziwiri, Bokosi Limodzi

Chaka chimene ndinayamba malonda a nyale, nyumba yathu yatsopano inali itaima popanda denga. Agogo, amene anandilera chimwalirire makolo anga, anaumba okha njerwa zake. Amuna a kumpingo anawathandiza kuotcha, mmisiri n'kumanga ndi dothi chifukwa simenti sitikanaikwanitsa. Inali ya zipinda ziwiri, ndipo mitengo ya denga inali itakhomedwa kale. Chotsala chinali malata khumi ndi asanu ndi limodzi. Ndalama yake inalipo, K25,000 ya nandolo ndi mpendadzuwa wa zaka ziwiri. Aliyense kwathu amadziwa kuti khoma lomangira dothi likamalandira mvula pamutu silichedwa kufewa. Nyumba yakale imene tinkagonamo inali itapendekeka kale, itachirikizidwa ndi mitengo kumbuyo. Malata ankayenera kukwera mvula isanakhazikike.

Nthawiyo n'kuti nditamaliza Folomu 4, ndikugwira ntchito pa Migowi m'kashopu kotayipa makalata ndi kutchajitsa mafoni. Munali kompyuta imodzi. Mwini shopu, bambo amene anakhalitsa ku Joni, ankailumikiza ku foni yake ndi kachingwe kuti igwire intaneti. Tsamba limodzi linkatseguka pang'onopang'ono, moti munthu ukanatha kusenda nzimbe n'kuimaliza lisanaoneke lonse.

Tsiku lina anandiitana kuti ndione. Pa kompyutapo panali zithunzi za mawotchi, mafoni ndi nyale, chilichonse ndi mtengo wake m'madola.

"Uwu ndi msika wa ku China," anatero. "Pali malonda ena amawatchula kuti diropushipingi. Sugula katundu n'kumuunjika m'shopu ayi. Umaonetsa munthu chithunzi, iye akupatsa ndalama. Iwe ulipira mwini katundu pamtengo wotsika, n'kumulembera adiresi ya wogulayo. Amatumiza yekha. Katundu sumugwira n'komwe. Chotsala pakatipo n'chako."

"Nanga inuyo bwanji simuchita, bwana?"

"Ine mtima wanga sudziwa kudikira, chemwali," anaseka. "Iwe ndiwe wofatsa, ungathe."

Ndinasankha nyale za sola, zokhala ndi kachingwe kotchajira foni. Ndinkawaona aphunzitsi a kufupi ndi Chiringa akupalasa njinga mtunda wonsewo kudzangotchajitsa foni, malaya awo akununkha palafini. Pa tsambalo nyale imodzi inali ngati K1,400 ya kwathu. Ndinati ndikagulitsa K4,000, zanga ndi K2,600. Masamu amenewo anakhala m'mutu mwanga tsiku limodzi lokha. Nditafika polipira ndinapeza kuti kutumiza nyale imodzi pa ndege ndi K1,100. Kenaka msikawo sunkalandira makwacha, unkafuna khadi la kubanki lolipirira kunja. Khadi lotero anali nalo mlamu wawo wa abwana, wa ku Limbe, ndipo iye dola ankaiwerengera mtengo wakewake, umene unkawonjezera K400 pa nyale iliyonse. Nyale ya K1,400 inasanduka ya K2,900. Pa K1,100 yotsalayo ndimo munkayenera kuchoka mayunitsi a intaneti, zithunzi zosindikiza ndi maulendo anga. Ndinaona kuti phindu lachepa, koma linalipobe.

Ndinayamba ndaitanitsa imodzi yoonetsera, ndi malipiro anga, kudzera pa bokosi la shopu ku positi. Inafika patatha masabata atatu, yabwinobwino, popanda wina kundifunsa msonkho. Nyale imeneyi ndi imene inandilimbitsa mtima.

Ndinapita nayo ku sukulu ya pulayimale ya kwathu pa nthawi yopuma. Aphunzitsi anaizungulira. Amadamu a Sitandade 8, mayi wamtali amene anandiphunzitsapo inenso, anaitembenuzatembenuza, n'kulumikiza foni yawo. Foni italira kuti yayamba kumwa moto, onse anaombera m'manja.

"Ndipatse iyiyi," anatero amadamu.

"Iyi ndi yoonetsera, madamu. Yanu ibwera yokha kuchokera ku China, m'dzina lanu."

"Iwe, mwana unkalephera kuyankha m'kalasi uja, lero ukulamula ndege?"

Anthu anaseka. Analembetsa anthu khumi ndi awiri, amadamu poyamba. Ena anali aphunzitsi, ena alangizi a zaumoyo, wina mkulu wa mpingo. Koma palibe anavomera kulipira zonse asanaone katundu. Tinapangana theka, K2,000, zotsalazo nyale ikafika. Apa ndi pamene malondawo anasiyana ndi mmene abwana anandifotokozera. Wa ku China ankafuna zake zonse asanatumize kanthu, ndiye pa nyale iliyonse pankaperewera K900.

Agogo ndinawapeza akusenda chinangwa cha makaka. Ndinawafotokozera zonse, osabisa kanthu.

"Ndiye ukugulitsa mbuzi yoti sunaione, ili m'khola la munthu woti sumudziwa?" anafunsa m'Chichewa chawo chokokera ku Chilomwe.

"Eya, agogo."

"Ikapezeka ndi ya mphere, wotukwanidwa ndani?"

"Ine."

"Ikafera panjira?"

"Inenso."

"Mwini mbuziyo?"

"Iyeyo amakhala atalandira kale zake."

Anapitiriza kusenda. Ndinkaganiza kuti akana. Koma agogo anali munthu wa malonda, anagulitsapo mowa ndi nsomba zouma pa unyamata wawo, ndipo phindu ankalikonda.

"Ubweza liti?"

"Okutobala asanathe. Akuti masiku ake sapitirira makumi atatu."

"Phindulo tigawana pakati. Nyumba ija ilibe chitseko."

Anandipatsa K13,000, yokwanira poperewera paja, mayunitsi ndi ulendo wa ku Limbe kukapereka ndalama kwa mwini khadi.

Polemba maoda, tsambalo linkafunsa dzina la msewu ndi nambala ya nyumba. Kwathu kulibe zimenezo. Munthu wa kumudzi akafuna kulandira kalata amalemba bokosi la sukulu kapena la mpingo, ndipo mwana wa sukulu amabwera nayo kunyumba. Anthu anga onse khumi ndi awiri anandipatsa bokosi la sukulu. Ndinalemba maoda khumi ndi awiri, mayina osiyana, bokosi limodzi. Sindinaonepo chachilendo. Ndi mmene timalandirira makalata chibadwire.

Sabata yoyamba panalibe chinasuntha. Nditafunsa, wa ku China uja anandiyankha m'Chingerezi chothyokathyoka kuti kwawoko ali pa tchuthi chachikulu cha dziko lonse, ndidikire. Ndinaphunziranso kuti masiku aja amayamba kuwerengedwa katundu akachoka, osati tsiku lolipira, ndipo Loweruka ndi Lamlungu sawerengera. Kenaka anatumiza nambala yolondolera katundu. Inali nambala imodzi yomweyo pa maoda onse. Ndinawaonetsa abwana.

"Angokopera molakwitsa amenewo," anatero. "Bola zanyamuka."

Okutobala anatha. Madzulo aliwonse ndikamapalasa kubwerera kunyumba, ndinkayang'ana pamwamba pa phiri la Michesi. Poyamba kunali utsi wa moto wolusa basi. Kenaka kunayamba kukhala mitambo yoyera, kenaka yakuda mmunsi. Tsamba lolondolera katundu linkangonena chimodzimodzi: wachoka m'dziko lotumiza. Agogo sankafunsa ndi pakamwa. Ankangoyang'ana pa kaliyala ya njinga ndikamalowa pabwalo, kenaka n'kubwerera ku zimene akuchita.

Mu Novembala mvula yoyamba inagwa, ya chizimalupsa. Inasiya mizere ya dothi yotsetsereka pa makoma a nyumba yatsopano. Agogo anapita kukakanda pakati pa njerwa ndi chala, chala n'kulowa.

"Ndi zotsalazi tigule malata asanu ndi atatu, tifolere chipinda chimodzi," ndinawauza.

"Mmisiri akwere kawiri, alipidwe kawiri? Iwe unati zikubwera. Zikubwera kapena sizikubwera?"

"Zikubwera."

"Ndiye tidikira."

Masiku amenewo sukulu zinkatsekera mu Novembala n'kutsegulira mu Januwale. Itatsekera, amadamu anabwera ku shopu ndi aphunzitsi ena awiri. Sanakhale pansi.

"Chemwali, ndege yako ija yagwera m'nyanja?"

"Ili m'njira, madamu."

"Njira yake yodzera kumwezi? Ife tikufuna ndalama zathu. Ana akufuna za Khirisimasi."

"Ndalamazo ndinatumiza kale kwa mwini katundu."

"Mwini katundu ife sitimudziwa. Tikudziwa iwe, ndi agogo ako, ndi pamene mumakhala. Lachisanu likudzali tikawapeza agogo akowo."

Abwana, amene nthawi yonseyi anali kuseri kwa makina a fotokope, anangoti, "Zamalonda izi, amayi, zimafuna kupirira." Amadamu anawayang'ana mpaka abwana anayamba kufunafuna china m'kabati.

Atachoka ndinatsegula tsamba lija. Linali litasintha: katundu wafika m'dziko lolandira. Tsiku limene analembapo linali la masabata awiri m'mbuyo, kungoti tsambalo linachedwa kuonetsa. Ndinalembera wa ku China. Anayankha mwachidule kuti mbali yake wamaliza, ndifunse ku positi ya kwathu.

Ku positi ndinapeza kalaliki wachikulire, wa magalasi omangirira ndi ulusi. Ndinamupatsa nambala ija.

"Phukusi lotere silifika kuno, mwananga," anatero. "Likakhala lalikulu limaima ku tauni, kwa a msonkho. Kuno kumangobwera kapepala koitana mwini wake. Bokosi lake liti?"

Ndinatchula.

"La sukulu? Ndinaponyamo kapepala kotero, papita nthawi. Chitsekereni sukulu palibe wabwera kudzatsegula."

"Kamodzi kokha? Mapukusi ndi khumi ndi awiri."

"Kamodzi."

"Mungandipatse, bambo?"

"Bokosi ndi la eni. Bwera ndi mwini kiyi. Koma fulumira, katundu wosatengedwa amayamba kulipitsa malo, akakhalitsa amabwerera kumene anachokera."

Kiyi ankasunga ahedi, ndipo ahedi anali atapita kumudzi kwawo, kunsi kwa Michesi, kukadzala. M'mawa mwake ndinapalasa mpaka pamene msewu umathera, n'kuyamba kukankha njinga m'kanjira ka miyala. Ndinawapeza m'munda, atapinda buluku mpaka m'maondo, mbewu ili m'chipewa.

"Kiyi wa bokosi? Pa holide?" anadabwa. "Ndani amalembera sukulu kalata ana kulibe?"

Ndinawafotokozera. Anayang'ana kumwamba, n'kuyang'ana mizere yosadzala.

"Kiyi wa boma sindingakupatse m'manja. Ndipo ine pano sindichoka ndisanamalize ndime iyi. Mvula sidikira nyale."

Ndinatsamiritsa njinga pamtengo, n'kutenga mbewu. Tinadzala awiri mpaka dzuwa kupendeka, iwo akundifunsa ngati ku China amalimanso chimanga. Mawa lake anabwera ku positi, akudandaula za msana. M'bokosimo munali makalata a maphunziro, kalata ya mwana wina wa ku Joni, ndi kapepala kaja. Kanali m'dzina la amadamu. Phukusi limodzi, lolemera, lokhala ndi msonkho wa K6,000, ndipo mwini dzina akaonekere yekha ndi chiphaso.

Apa ndi pamene ndinamvetsa za nambala imodzi ija. Munthu wa ku China uja ataona maoda khumi ndi awiri akupita ku bokosi limodzi, anaganiza kuti ndi nyumba imodzi. Analonga zonse m'katoni imodzi, n'kulembapo dzina loyamba pa mndandanda. Nyale imodzi yokha inadutsa ngati kanthu kakang'ono ka munthu, koma khumi ndi ziwiri pamodzi zinaoneka kuti ndi katundu wa malonda. Nditamufunsa za ndalama yotumizira mapukusi khumi ndi awiri imene ndinalipira, anati adzanditsitsira mtengo pa oda yotsatira.

Msonkho ndi ulendo wa anthu awiri zinkafuna K8,000. Kunalibe kwina kokazitenga. Agogo anandimvetsera ali chiimire pakhomo la nyumba yopanda denga.

"Ndiye mbuzi ija yafika, koma ili kwa eni dambo, akufuna chindapusa."

"Tikapanda kulipira ibwerera, agogo. Titaya zonse, ndiponso anthu aja adzafuna zawo."

"Ukapita nazo izi, pano patsala zingati?"

"K4,000."

"Malata angati amenewo?"

"Awiri."

Anatukwana m'Chilomwe, mawu amene sindingawalembe. Kenaka analowa m'nyumba yakale, n'kutuluka ndi ndalamazo.

"Usandiuzenso kuti zikubwera," anatero. "Mawu amenewo sindikufuna kuwamvanso pakhomo pano."

Amadamu anavomera kupita nane pokhapokha nditawalipirira minibasi ndi chakudya. Njira yonse mvula inkawaza pa galasi, kondakitala akutseka zenera losweka ndi katoni. Ine maganizo anali pa makoma. Amadamu ankauza mayi amene anakhala naye pafupi kuti akupita kukalandira katundu wawo wochokera kunja, ndipo ine ndine wowanyamulira.

Ku tauni tinadikira pa benchi mpaka masana. Atatulutsa katoniyo, inali itaphwanyika ngodya imodzi. Wa msonkho anaitsegula pamaso pathu, monga mwa lamulo, n'kuika pepala la mitengo pa tebulo kuti amadamu asayine. Pepalalo wa ku China analiika m'katimo, lili ndi mtengo umene iye anandigulitsira. Amadamu ankaphunzitsa masamu. Anafunsa wa msonkho kuti dola ili pa zingati, milomo yawo n'kuyenda pang'ono.

"K1,400," anatero motsitsa. Kenaka mokweza, kuti onse pa mzere amve: "K1,400! Iwe n'kumatiuza K4,000! Mwana wodutsa m'manja mwanga!"

"Madamu, pali ya ndege, pali ya khadi, pali msonkho uwu."

"Ya ndege ili pati apa? Ndionetse."

Pa pepalalo ya ndege sinalembedwe. Ndinayesa kuwawerengera pa zala. Bambo wina pa mzere anati, "Asiyeni amayi, ndi bizinesi imeneyo." Amadamu anamuyankha kuti akagule yekha nyale ya K4,000 ngati ali ndi chifundo. Anasayina, koma pepalalo analipinda n'kuliika m'chikwama mwawo.

Pobwerera katoni ndinaiika pamiyendo mpaka pa Migowi.

Nyale zija tinaziyesa ku shopu. Ziwiri sizinayake, ina galasi la sola litang'ambika, ina batire yakufa. Wa ku China anati ndizibweze pa ndalama yanga, akaziona ndiye adzatumiza zina. Nditafunsa ku positi, kutumiza nyale imodzi ku China kunali kodula kuposa nyaleyo. Zinakhala pa shelefu. Eni ake awiriwo anafuna theka lawo lija libwerere, ndipo sankalakwa.

Pepala la mitengo linazungulira aphunzitsi onse tsiku limodzi. Anayi anati pangano ndi pangano, adzamaliza zonse, koma malipiro akatuluka. Enawo anati awonjezera K1,000 basi, ndikakana nditenge nyale yanga ndiwabwezere zawo. Ndinalibe chowabwezera, ndiye ndinavomera. Amadamu anatenga yawo, n'kuyiyatsa ndi kuizimitsa kangapo.

"Kuwala ndiye imawala," anatero. "Koma wandiphunzitsa, chemwali."

Nditakhala pansi kuwerengera bwino, ndinaona kuti ngakhale onse akanalipira monga tinapanganira, msonkho, ulendo ndi nyale ziwiri zakufazo zinali zitadya kale phindu la nyale zonse n'kulowa m'thumba la agogo. Abwana anati ndiyesenso ulendo wachiwiri, tsopano ndadziwa njira. Anawonjeza kuti ambiri amagwa ulendo woyamba. Ndinawafunsa kuti bwanji sanandiuze zimenezo poyamba. Anati sindinawafunse.

Zimene zinatsala m'manja mwanga Khirisimasi isanafike, ena mwa anayi aja atapereka pang'ono, ine n'kubweza za anthu awiri aja, zinali K5,000. Pamodzi ndi zotsala za agogo zinagula malata asanu ndi limodzi. Misomali tinakongola kwa mmisiri. Malatawo ndinawanyamula pa njinga ndekha, atapindidwa, ndikukankha m'matope kuchokera pa Migowi chifukwa wa ngolo ankafuna ndalama.

Mmisiri anayeza n'kunena kuti asanu ndi limodzi sakwana ngakhale chipinda chimodzi. Pankatsala mpata wa malata awiri, umene anati titseke ndi udzu ndi pulasitiki. Anafunsa kuti tifolera chipinda chiti. Agogo analoza cha kumadzulo, chimene makoma ake anali asanafewe kwambiri. Pamwamba pa makoma a chipinda chinacho tinayalapo mapepala a pulasitiki, n'kutsindira ndi miyala.

Mvula ya mu Januwale inagwa masiku otsatizana osakata. Mphepo yochokera kuphiri inkanyamula mapepala aja, ine n'kumakwera pa mpando kukawabwezera, m'mawa n'kupeza achokanso. Tinali titasamukira kale m'chipinda chofoleredwacho, ife, matumba a makaka ndi nkhuku, chifukwa nyumba yakale inali itayamba kutsegula mng'alu woti dzanja n'kulowa. Tsiku lina masana, ndikuotcha chimanga pa mbaula, tinamva ngati ngolo ikukhuthula mchenga. Khoma la kum'mawa la chipinda chinacho linali litagwera kunja, lonse, kuyambira pansonga mpaka pawindo.

Tinaima pakhomo kuliyang'ana. Khoma lapakati, limene linanyamula malata athu, linali chiimire. Agogo anapita kukalikankha ndi dzanja, n'kuikapo khutu, n'kulikankhanso.

"Ili lilimba," anatero.

Mvula isanakate n'komwe anafunda thumba kumutu, n'kuyamba kutola njerwa pa mulu uja, zamphumphu kuika mbali ina, zosweka mbali ina.

"Ukuonerera chiyani?" anandikalipira. "Tola zisanalowe m'matope. Izi ndiye ndinaumba ndekha, palibe akandilipitse msonkho."

Ndinavula nsapato, n'kupita kukatola.